Dziko likakana chigamulo, ndani amalikakamiza? Mlandu wa Bakassi ndi funso la mayeso a Folomu 4

Ndikamachonga mayeso oyeserera a Folomu 4 pa sukulu yathu kuno kumunsi kwa phiri la Mulanje, pali funso limene ndimadziwiratu mmene ambiri ayankhire. Funsolo limati fotokozani mmene mabungwe a maiko amasungira mtendere ndi kuthetsa mikangano. Mwana amalemba kuti bungwe la United Nations limatumiza asilikali, limaweruza milandu, limalanga maiko olakwa, basi n'kupita ku funso lina. Zimene walembazo si zabodza, koma wangotchula ntchito osafotokoza mmene zimayendera. Ndipo yankho lotere limabisa chinthu chachikulu pa nkhani yonseyi: pamwamba pa maiko palibe boma, palibe polisi. Ndiye dziko lokhala ndi asilikali ake limamvera bwanji chigamulo chimene silikuchifuna?

Taganizani za mkangano wa malire a munda, umene kuno suchedwa kubuka chifukwa malo ndi ochepa ndipo tiyi anatenga mbali yaikulu. Awiri akalephera kumvana amapita kwa ankhoswe kapena akuluakulu a banja, kenako kwa nyakwawa, kwa gulupu, kwa mfumu yaikulu, mpaka kukhoti. Wosumiridwa safunsidwa ngati akufuna kubwera. Amalandira samani, ndipo akanyozera chigamulo apolisi alipo. Maiko nawo ali ndi makwerero ofanana ndi amenewa, koma pa khwerero lililonse pamafunika chinthu chimene kumudzi sichifunika, ndicho chilolezo cha mwini mlandu. Amene wagwira mfundo iyi wagwira theka la yankho.

Zonse zimachokera mu chikalata chokhazikitsira United Nations, chimene chinasainidwa ku San Francisco pa 26 Juni 1945 ndipo dziko lathu linachivomereza polowa m'bungweli pa 1 Disembala 1964. Ndime yachiwiri ya chikalatachi imauza maiko kuti mikangano yawo azithetsa mwamtendere, ndipo asaopseze kapena kugwiritsa ntchito zida polimbana ndi malire kapena ufulu wa dziko lina. Ndime 33 ndiyo imatchula njira zake: kukambirana okha, kufufuza zoona za nkhaniyo, kuitana mkhalapakati, kuitana gulu loyanjanitsa, kusankha okha oweruza apadera, kupita kukhoti, kapena kudzera ku mabungwe a m'chigawo monga SADC ndi African Union. Mndandanda uwu uloweni pamtima, komabe mndandanda pawokha supatsa malikisi ambiri. Wochonga amafuna aone njirazi zikugwira ntchito pa mkangano weniweni, choncho tiyeni titsate umodzi kuyambira pachiyambi mpaka pamene unathera.

Bakassi

Bakassi ndi dera la madambo ndi tizilumba pagombe la nyanja ya mchere, pamene Nigeria ndi Cameroon zimakumana. M'madzi ake muli nsomba zambiri, ndipo pansi pa nyanja yoyandikira pali mafuta. Ambiri okhala kumeneko anali asodzi a ku Nigeria, ochokera cha ku Calabar. Cameroon inkati dera ndi lake, Nigeria inkati anthu ndi ake ndipo dera ndi lakenso. Asilikali a maiko awiriwa anaomberana mu 1981, ndipo kumapeto kwa 1993 asilikali a Nigeria analowa n'kukhazikika m'derali. Kuchiyambi kwa 1994 mfuti zinaliranso.

Dziko la Cameroon silikanapambana pa nkhondo. Nigeria ili ndi anthu ochuluka kwambiri mu Africa muno, ndi gulu la nkhondo lalikulu kuposa la mnzakeyo. Choncho pa 29 Malichi 1994 Cameroon inakasuma ku khoti la maiko onse, la International Court of Justice, limene pa pepala la mayeso mudzaliona litafupikitsidwa kuti ICJ. Khotili lili ku The Hague m'dziko la Netherlands. Lili ndi oweruza 15 a maiko osiyanasiyana, aliyense amakhala pampando zaka zisanu ndi zinayi, ndipo amasankhidwa ndi Msonkhano Waukulu wa UN pamodzi ndi Khonsolo ya Chitetezo. Amene angasumirane kumeneko ndi maiko okha. Munthu, kampani kapena gulu la zigawenga sangapiteko.

Apa ndiimeko pang'ono, chifukwa ana ambiri amataya malikisi posokoneza makhoti awiri. Mumzinda womwewo muli khoti lina, la ICC, limene linayamba ntchito mu 2002. Ilo limazenga anthu paokhapaokha amene akuganiziridwa kuti anapha mtundu wa anthu kapena anachita nkhanza zoopsa pa nkhondo, ndipo limatha kutsekera munthu m'ndende. ICJ simanga munthu. Imangonena kuti pakati pa maiko awiri lamulo lili mbali ya uti. Funso likakhala la mikangano ya pakati pa maiko, khoti lanu ndi ICJ.

Funso loyamba limene khoti limadzifunsa si lakuti wolakwa ndani, koma lakuti kodi maiko awiriwa anandilola kuwaweruza? Chilolezocho chimabwera m'njira zitatu. Maiko awiri akhoza kusainirana pangano lapadera lopititsa mkangano wawo kukhotiko. Akhozanso kukhala kuti anasainirana kale pangano lina limene lili ndi ndime yoti akadzasemphana pa zimene analemba adzapite ku ICJ. Njira yachitatu ndi yakuti dziko limalemberatu kalata yoti likuvomera kuweruzidwa pa mlandu uliwonse umene lingasumiridwe ndi dziko lina limene linalembanso kalata yotereyo. Nigeria inalemba kalata imeneyi mu 1965. Cameroon inalemba yake kuchiyambi kwa Malichi 1994, ndipo pasanathe mwezi inakasuma.

Boma la Nigeria linadandaula kuti mnzakeyo walibisalira, popeza linali lisanadziwe n'komwe kuti Cameroon yalemba kalatayo. Linapereka zifukwa zisanu ndi zitatu zoti khoti lisamve mlanduwo. Pa 11 Juni 1998 khoti linakana zisanu ndi ziwiri, chotsalacho n'kuchisiya kuti lidzachione pamodzi ndi mlandu weniweni. Pa za kalata lija linati dziko likalemba kuti likuvomera kuweruzidwa, liyenera kuyembekezera kuti tsiku lililonse dziko lina likhoza kulemba yake n'kulisumira. Onani kuti zaka zinayi zinatha akukangana pa funso lokha lakuti khoti lili ndi mphamvu kapena ayi. M'kati mwa zaka zimenezo nkhondo inabukanso mu 1996, ndipo khoti linapereka lamulo loyembekezera loti mbali zonse zileke kuomberana ndipo zisachite kanthu kokulitsa mkangano mpaka chigamulo chidzatuluke. Lamulo lotere lili ngati chiletso chimene makhoti athu amapereka kuti munda wokanganirana usalimidwe kaye.

Mlandu weniweni unali wa mapepala akale. Cameroon inabweretsa pangano la pa 11 Malichi 1913 pakati pa Britain, imene inkalamulira Nigeria, ndi Germany, imene inkalamulira Cameroon. Panganolo linaika malire pa mtsinje wa Akwayafe, ndipo Bakassi anagwera mbali ya Ajeremani. Inabweretsanso chikalata cha ku Maroua cha 1975, chimene atsogoleri Yakubu Gowon wa Nigeria ndi Ahmadou Ahidjo wa Cameroon anasaina chokhudza malire a panyanja. Nigeria inayankha ndi mfundo ziwiri zimene munthu wa kumudzi aliyense angazimve bwino. Yoyamba inali yakuti mu 1884 mafumu a Old Calabar anangopangana ndi Angerezi kuti aziwateteza, sanawapatse dziko, choncho Angerezi sakanapereka kwa Ajeremani chinthu chimene sichinali chawo. Yachiwiri inali yakuti anthu ake akhala kumeneko zaka zambiri, ndipo boma lake ndilo lakhala likutolera misonkho ndi kusamalira sukulu ndi zipatala.

Pa 10 Okutobala 2002 khoti linagamula kuti Bakassi ndi wa Cameroon. Linati pangano la 1913 ndi lovomerezeka, ndipo pamene pali pangano lomveka lonena mwini malo, kukhala pamalopo ndi kutolerapo misonkho sikungafafanize panganolo. Ine mfundo ya mafumu a ku Calabar imandikhudza, chifukwa ndi zoona kuti azungu anagawana Africa osafunsa eni nthaka, monga momwe mtsinje wa Ruo unasandukira malire mu 1891 n'kusiya abale athu ena tsidya lija la Milanje. Koma atsogoleri a Africa iwo eni, atakumana ku Cairo mu 1964, anagwirizana kuti malire amene dziko lililonse linawapeza pa tsiku la ufulu wake azilemekezedwa. Anaona kuti aliyense akayamba kufukula malire a makolo, nkhondo sizidzatha. Khoti silinapatse Cameroon zonse. Malire a maiko awiriwa ndi otalika pafupifupi makilomita 2,000 kuchokera ku nyanja ya Chad, ndipo m'madera ena khoti linati nthaka ndi ya Nigeria, n'kulamula kuti Cameroon nayo ichotseko anthu ake a boma.

Ana ambiri amene amaudziwa mlanduwu amaimira apa, ngati kuti chigamulo chitatuluka nkhani inatha. Koma gawo lophunzitsa kwambiri ndi limene linatsatira. Chigamulo cha ICJ ndi chomaliza, palibe apilo, ndipo ndime 94 ya chikalata cha UN imati dziko lililonse liyenera kuchimvera. Komabe boma la Nigeria linanena poyera kuti silikukhutira nacho, anthu kumeneko anakwiya kwambiri, ndipo asilikali ake sanasunthe. Khoti lilibe msilikali ngakhale mmodzi. Ndime 94 yomweyo imalola wopambana kukadandaula ku Khonsolo ya Chitetezo, koma siikakamiza khonsoloyo kuchitapo kanthu. Cameroon inali ndi pepala m'manja, Nigeria inali ndi Bakassi.

Amene anatsegula njira ndi Kofi Annan wa ku Ghana, amene anali mlembi wamkulu wa UN pa nthawiyo. Iye anali ataoneratu vutoli, moti mwezi umodzi chigamulo chisanatuluke anakumanitsa atsogoleri a maiko awiriwa, Olusegun Obasanjo wa Nigeria ndi Paul Biya wa Cameroon, ku France kuti akambirane zodzalemekeza zimene khoti linene. Mu Novembala 2002 anawakumanitsanso ku Geneva, ndipo anagwirizana zokhazikitsa komiti ya maiko awiriwo yotsogozedwa ndi nthumwi ya UN. Ntchito ya komitiyi inali ya pansi penipeni: kuyenda m'malire ndi akatswiri oyeza malo, kuona mudzi uliwonse kuti wagwera kuti, kuzika zipilala, ndi kukonza tsiku loti asilikali ndi akuluakulu a boma achoke. Anayambira kosavuta. Kumapeto kwa 2003 anasinthana midzi ya ku nyanja ya Chad, kumene mitima sinali yotentha kwambiri, ndipo Bakassi anamusiya kuti akhale womaliza.

Mlembi wamkulu wa UN salamula dziko lililonse. Mphamvu yake ndi yakuti mbali zonse zimamukhulupirira, ndipo amatha kupezera mtsogoleri njira yogonjera osachita manyazi pamaso pa anthu ake. Obasanjo sakanabwerera kwawo n'kukangonena kuti taluza. Anafunika kukanena kuti anthu athu a ku Bakassi atetezedwa. Izi n'zimene zinalowa m'pangano la Greentree, limene linasainidwa kufupi ndi New York pa 12 Juni 2006. Nigeria inavomera kuchotsa asilikali ake pasanathe masiku 60. Cameroon inalonjeza kuti sidzathamangitsa anthu a ku Nigeria okhala kumeneko, sidzawakakamiza kusintha unzika, ndipo idzalemekeza chilankhulo chawo, katundu wawo ndi usodzi wawo. Apolisi ndi akuluakulu a boma a Nigeria analoledwa kukhalabe m'gawo lina kwa zaka ziwiri kuti kusinthako kusakhale kwadzidzidzi. Britain, France, Germany ndi America anasaina ngati mboni. Asilikali anachokadi mu Ogasiti 2006, ndipo ngakhale aphungu a nyumba ya Seneti ku Nigeria anatsutsa panganoli mu 2007, dera lonse linaperekedwa kwa Cameroon pa 14 Ogasiti 2008.

Werengani zaka. Kuchokera pa kusuma mu 1994 kufika pa chigamulo panapita zisanu ndi zitatu, ndipo kuchokera pa chigamulo kufika pa kupereka dera panapita pafupifupi zisanu ndi chimodzi. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo uwu sunaoledi, koma asodzi ambiri anasiya makomo awo n'kusamukira ku Nigeria kukakhala movutika. Zimenezi muzilembe m'yankho lanu, chifukwa kuthetsa mkangano wa maboma sikutanthauza kuti anthu wamba onse apeza chilungamo. Komanso mulembe kuti dziko lamphamvu linachoka pamalo amene linali litagwira ndi mfuti, popanda nkhondo yaikulu. Linachoka chifukwa khoti linanena lamulo, mkhalapakati anapeza njira yolemekezeka, maiko ena anaima ngati mboni, ndipo atsogoleri a Nigeria anaona kuti mbiri yabwino ya dziko lawo ndi yofunika kuposa dambo lija. Chimodzi mwa zinayi izi chikanasowa, zinthu zikanayenda mwina. Umboni wake ndi Ethiopia ndi Eritrea. Atamenyana kuyambira 1998 mpaka 2000 anagwirizana ku Algiers kuti gulu la oweruza apadera ligamule malire awo. Chigamulo cha 2002 chinaika tauni ya Badme mbali ya Eritrea, Ethiopia inakana kuchoka, ndipo zinakhala choncho mpaka boma latsopano linanena kuti likuvomera chigamulocho mu 2018.

Pamene mfuti zalira kale

Nanga dziko likangolowa m'dziko la mnzake ndi akasinja? Apa nkhani imachoka kukhoti n'kupita ku Khonsolo ya Chitetezo, imene pa pepala mudzaiona italembedwa kuti Security Council. Ndi nthambi yokhayo ya UN imene ingalamule maiko onse ngakhale asakufuna. Ili ndi mamembala 15. Asanu ndi okhazikika: America, Britain, China, France ndi Russia. Khumi enawo amasankhidwa kwa zaka ziwiri, monga momwe anansi athu a Mozambique anakhalirako mu 2023 ndi 2024. Kuti mfundo idutse pamafunika mavoti asanu ndi anayi, ndipo pasakhale wokana mmodzi mwa asanu okhazikika aja. Mphamvu yokana imeneyi ndiyo vito.

Mutu wachisanu ndi chiwiri wa chikalata cha UN umapatsa khonsoloyi makwerero atatu, ndipo nkhani ya Kuwait imawaonetsa onse motsatana. Iraq inalanda Kuwait pa 2 Ogasiti 1990. Tsiku lomwelo khonsolo inanena kuti mtendere waphwanyidwa ndipo inalamula Iraq kutuluka. Patapita masiku anayi inaletsa maiko onse kuchita malonda ndi Iraq, chimene ndi chilango chopanda mfuti. Iraq itaumabe mutu, pa 29 Novembala khonsolo inapereka malire a tsiku, 15 Januwale 1991, n'kuloleza maiko kugwiritsa ntchito njira zonse zofunika tsikulo likadutsa. Pofika kumapeto kwa Febuluwale 1991 asilikali a Iraq anali atathamangitsidwa. Koma musalembe kuti gulu la nkhondo la UN ndilo linamenya. UN ilibe gulu lake la nkhondo. Inapereka chilolezo, ndipo maiko otsogozedwa ndi America ndiwo anapita.

Izi zinatheka chifukwa palibe mwa asanu aja amene anaima kumbuyo kwa Iraq. Wolakwa akakhala mmodzi wa iwo, kapena bwenzi lake, njira imatsekeka. Mu 1986 ICJ inagamula kuti America inaphwanya lamulo pothandiza zigawenga zolimbana ndi boma la Nicaragua. Nicaragua itapita kukhonsolo kuti chigamulocho chitsatidwe, America inagwetsa mfundoyo ndi vito. Mu Febuluwale 2022 Russia inachita chimodzimodzi ndi mfundo yodzudzula kulowa kwake mu Ukraine. Nkhani inapita ku Msonkhano Waukulu, kumene dziko lililonse lili ndi voti imodzi ndipo kulibe vito, ndipo maiko 141 anadzudzula Russia. Koma mfundo za msonkhanowu ndi malangizo, sizikakamiza. Ichi ndicho chofooka chachikulu cha dongosolo lonseli, ndipo sichinabwere mwangozi. Amene analemba chikalatachi mu 1945 anali ataona League of Nations, bungwe la maiko limene linalipo UN isanakhazikitsidwe, ikufa, America isanalowemo n'komwe ndipo Germany, Japan ndi Italy zitatulukamo. Anasankha kupatsa maiko akuluakulu vito kuti akhale mkati m'malo moti akhale kunja.

Za asilikali a zisoti zobiriwira ngati thambo, osunga mtendere, tinene mwachidule koma molondola. Iwo satumizidwa kukapambana nkhondo. Amabwerekedwa kuchokera ku maiko, ndipo amayendera mfundo zitatu: mbali zokangana zivomereze kuti abwere, asakondere mbali, ndipo asaombe mfuti kupatula podziteteza kapena poteteza ntchito imene anatumidwa. Kuno sitifunika kupita kutali kuti tipeze chitsanzo, ngakhale kuti ndi cha nkhondo ya pachiweniweni. Makolo anu akukumbukira anthu othawa nkhondo amene ankaoloka pa Muloza, pa nthawi imene dziko lathu linasunga anthu a ku Mozambique pafupifupi miliyoni imodzi. Frelimo ndi Renamo anasaina mtendere ku Rome pa 4 Okutobala 1992, ndipo pambuyo pake m'pamene UN inatumiza gulu lake la ONUMOZ kukayang'anira kutula zida ndi kukonzekera chisankho cha mu Okutobala 1994. Mtendere unayamba wapangidwa ndi eni ake, osunga mtendere n'kubwera kudzausamala. Ku Rwanda m'chaka chomwecho cha 1994 kunalibe mtendere woti ausunge, ndipo kuphana kutayamba khonsolo inachepetsa asilikali ake mpaka 270 m'malo mowawonjezera.

Nyanja yathu

Tsopano tengani zimene taona ku Bakassi muziike pa mkangano wa dziko lathu ndi Tanzania, chifukwa wochonga amakondwa ndi mwana wotha kugwiritsa ntchito mfundo pa nkhani ya kwawo. Malawi imatsamira pa pangano la Heligoland la pa 1 Julayi 1890 pakati pa Britain ndi Germany, limene linati malire kumpoto kwa nyanja akutsata gombe la kum'mawa, ndiponso pa mgwirizano wa ku Cairo uja. Tanzania imati pa nyanja yokhala pakati pa maiko malire amayenera kudutsa pakati, imatchula mapu ena a nthawi ya atsamunda amene anajambula mzere pakati, ndipo imati anthu ake a m'gombe amadalira madzi omwewo. Nkhaniyi inabuka mu 1967, inazizira, n'kudzatenthanso mu 2012 boma lathu litapereka chilolezo chofufuza mafuta pansi pa nyanja.

Maiko awiriwa anayamba ndi khwerero loyamba, kukambirana okha, ndipo sanamvane. Anakwera lachiwiri popempha bungwe la atsogoleri opuma a mu Africa kuti likhale mkhalapakati, motsogozedwa ndi Joaquim Chissano wa ku Mozambique, pamodzi ndi Thabo Mbeki wa ku South Africa ndi Festus Mogae wa ku Botswana. Zokambiranazo zinaima mu 2014 popanda mgwirizano. Kusiyana kwa mkhalapakati ndi woweruza kukuonekera pomwepa. Mkhalapakati amamva mbali zonse n'kupereka maganizo, koma mbali iliyonse ili ndi ufulu wowakana. Amayenda bwino pamene pali chinthu choti agawane. Koma Malawi imati palibe chogawana chifukwa malire analembedwa kale, pamene Tanzania imati malirewo ndiwo nkhani.

Mwana wina m'kalasi anandifunsa kuti, "Aphunzitsi, ngati pepala la 1890 lili mbali yathu, bwanji osangokasuma ngati Cameroon?" Funso lake ndi labwino kwambiri, ndipo yankho lili pa chilolezo chija. Malawi inalemba kalata yovomera mphamvu ya ICJ mu 1966. Tanzania sinalembe. Cameroon inatha kukoka Nigeria chifukwa onse awiri anali atalemba. Ife njira imene ingatifikitse ku The Hague ndi pangano lapadera losainidwa ndi maboma onse awiri. Zoterezi zinachitikapo m'chigawo chathu chomwe chino. Botswana ndi Namibia ankalimbirana chilumba cha mu mtsinje wa Chobe, chimene ena amachitcha Kasikili ena Sedudu. Mu 1996 anasainirana pangano lopita ku ICJ, khoti linamasulira pangano lomwelija la 1890, ndipo mu Disembala 1999 linapereka chilumbacho kwa Botswana. Namibia inavomera. Dziko limalola kupita kukhoti likaona kuti likhoza kupambana, kapena likaona kuti kuluza n'kwabwino kuposa kukhalabe pa mkangano.

Polemba mayeso, ndime iliyonse ikhale ndi zinthu zinayi zolumikizana: njira, bungwe loigwiritsa ntchito, chitsanzo chokhala ndi chaka, ndi pamene njirayo imalephera. Mwachitsanzo ndime ya khoti ingayende motere. Maiko amatha kuthetsa mkangano kudzera ku ICJ, imene chigamulo chake ndi chomaliza. Mu 2002 khotili linagamula kuti Bakassi ndi wa Cameroon potsata pangano la 1913, ndipo Nigeria inapereka deralo mu 2008 pambuyo pa pangano la Greentree limene Kofi Annan anathandiza kukonza. Koma khotili limaweruza maiko okhawo amene avomera, ndipo lilibe apolisi okakamiza chigamulo, n'chifukwa chake mkangano wa nyanja ya Malawi sunafikeko. Ziganizo zitatu zokha, koma zayankha kuti ndani, bwanji, liti, ndi mpaka pati. Chitani chimodzimodzi ndi mkhalapakati, zilango za malonda, chilolezo cha nkhondo ndi osunga mtendere. Funso likakhala lakuti unikani kupambana ndi kulephera kwa UN, ikani Bakassi ndi Mozambique mbali imodzi, Rwanda ndi vito mbali inayo, ndipo munene chimene chinasiyanitsa ziwirizo.

Pa za nyanja samalani chinthu chimodzi chimene ana amalakwitsa kawirikawiri. Musalembe kuti nyanja yonse ndi ya Malawi. Mbali ya kum'mawa moyang'anizana ndi Mozambique inasinthidwa mu 1954, pamene Britain ndi Portugal anagwirizana kusuntha malire kuchoka pagombe kupita pakati pa madzi, zilumba za Likoma ndi Chizumulu n'kutsala zathu. Pamenepo malire anasuntha chifukwa mbali ziwiri zinasaina. Kumpoto, mbali ya Tanzania, pangano lotere silinasainidwepo, ndipo mfundo ya boma lathu yagona pamenepo.